Vidiyo ya mphindi imodzi yofotokoza pulogalamu ya maakaunti: ndiyambire pati?

Tisa M.
Mwaswera bwanji nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa za maakaunti komanso amene mumajambula mavidiyo. Achimwene anga ndi anzawo anapanga pulogalamu ya pafoni yolembera malonda a m'mashopu ang'onoang'ono, makamaka a ku Kamwala ndi ku City Market mu Lusaka muno, ndipo andipatsa ntchito yokonza vidiyo ya mphindi imodzi yoti tizitumiza pa WhatsApp. Akufuna ikhale ya Chinyanja. Mawu amene andipatsa kuti ndiwerenge ndi awa:

"Takulandirani. Pulogalamu yathu imakuthandizani kuyendetsa bizinesi yanu mwamakono. Ili ndi leja, mainvoisi, kasamalidwe ka sitoko, malipoti a phindu, balansi shiti komanso rikonsiliyeshoni ya banki ndi ndalama za pafoni. Zonse pamalo amodzi, mosavuta, mwachangu."

Ndawawerengera azakhali anga amene amagulitsa zitenje. Amvetsera mpaka kumapeto, kenako andifunsa kuti, "Nanga chinthucho chimachita chiyani?" Ndikachotsa mawu ovutawo pakutsala moni yekha. Ndiyambire pati?

Dalitso
Asisi, mphindi imodzi yatalika. Anthu manje sayima pa vidiyo. Dulani ifike masekondi 30, ikani tizidole toyenda, kanyimbo kabwino pansi, mitundu yowala. Mawu ovutawo muwasiye onse, mungonena kuti "bizinesi yanu ikula". Ine ndimakonza zotere, ndingakuthandizeni.

A Tembo a ku Matero
Mwana wanga, ngati mukufuna pulogalamu ya maakaunti yang'anani kaye ngati ili yolumikizidwa ku Smart Invoice ya ZRA, bungwe lotolera misonkho. Kuyambira mu 2024 aliyense wolembetsa VAT amayenera kutulutsira mainvoisi ake m'menemo. Musagule chinthu chifukwa cha vidiyo yokongola.

Tisa M.
Zikomo a Tembo, koma sindikugula. Pulogalamu ilipo kale, ine ndikufuna kuifotokoza kwa anthu.

A Tembo a ku Matero
Oo, ndamva tsopano. Komabe funso langa likhalepo, chifukwa ogula adzakufunsani.

A Zulu
Tisa, ine ndimalemba mabuku a ndalama a mashopu angapo m'tauni muno, ndiye ndiyankhe ngati munthu amene amakhala pansi ndi eni mashopuwo. Vuto la mawu amene akupatsani si Chingerezi chokha. Ngakhale mutapeza mawu a Chichewa chenicheni a chinthu chilichonse pamndandandawo, azakhali anu adzafunsabe funso lomwelo, chifukwa mndandandawo ukutchula zimene zili m'kati mwa pulogalamu, pamene iwo akufuna kudziwa chimene chidzasinthe m'shopu mwawo Lolemba m'mawa. Amene anapanga chinthu amachiona m'zigawo zimene anavutika nazo pochipanga. Wogulitsa amachiona kudzera m'vuto limene lamusowetsa tulo.

Ndiye musayese kufotokoza pulogalamu yonse. Sankhani ntchito imodzi, ya munthu mmodzi, ndi ndalama zenizeni zoti woonera azitsatira kuyambira poyamba mpaka pamapeto. Zinthu zisanu ndi chimodzi zimene mwatchulazo ndi mavidiyo asanu ndi limodzi, ndipo ena mwa iwo, monga a balansi shiti, simudzawafuna n'komwe kwa anthu amenewa. Balansi shiti amaifuna ndi a banki kapena ine, osati munthu amene akuyeza nsalu.

Mukandifunsa yoyambira, ine ndinganene ngongole za makasitomala. Palibe shopu ya holoselo imene ilibe kabuku ka anthu amene anatenga katundu nanena kuti adzamaliza pakutha kwa mwezi. Kabukuko kamanyowa, kamang'ambika, wina amalemba pachikuto, wina pakapepala ka risiti. Mwini shopu akudziwa kale vutoli, simufunika kumuphunzitsa. Mungomuonetsa kuti foni ikuchita chimene kabuku kamalephera.

Amake Chikondi
A Zulu mwalasa. Ine ndili ku Kamwala, ndimagulitsa zitenje ndi madilesi a ana kwa azimayi amene amakaoda kupita nazo ku Mtendere, ku Chawama, ena mpaka ku Kafue. Ambiri amapereka theka, theka lina pambuyo. Mabuku ndili nawo awiri, langa ndi la mtsikana wondithandiza, ndipo manambala ake sagwirizana. Munthu amabwera n'kunena kuti "ndinapereka kale kwa mtsikana uja", ine ndilibe poonera. Mukandionetsa vidiyo ya zimenezo ndiionera mpaka kutha. Koma mukayamba ndi "takulandirani" ndadutsa kale, chifukwa pa sitetasi ya WhatsApp pali zambiri zoti ndione.

Dalitso
Mwamva? Ndi zimene ndimanena, anthu sayima.

Amake Chikondi
Ndimayima, mwana wanga, ngati akukamba za ine. Vidiyo ya kasokedwe ka diresi ndimaonera yaitali bwino. Chimene sindiimira ndi moni ndi chizindikiro cha kampani chikuzungulira.

A Zulu
Pamenepo Dalitso ali ndi mbali yolondola: masekondi oyamba ndiwo amagamula. Koma mankhwala ake si kufupikitsa vidiyo yonse, ndi kuyamba ndi vuto lenilenilo. Tisa, ndipatseni mitengo ya azakhali anu tiyesere limodzi. Komanso ndiuzeni zimene zalembedwa pamabatani a pulogalamuyo, ndendende mmene zilili.

Tisa M.
Chitenje chimodzi amaoda K90, amagulitsa K120 kwa ooda. Mabatani ali m'Chingerezi, sanawamasulire. Pogulitsa umadina `New Sale`, umasankha kasitomala, umalemba katundu, kenako pali kabokosi ka `Amount Paid`. Munthu akabweretsa ndalama zina pambuyo pake umadina `Record Payment`. Mndandanda wa onse amene sanamalize uli pa `Receivables`.

A Zulu
Zakwana. Nkhani yanu nayi. Kasitomala mmodzi watenga zitenje 20 pa K120, zonse K2,400. Walipira K1,000, yatsala K1,400. Lachisanu wabweretsa K400, yatsala K1,000. Madzulo mwini shopu watsegula mndandanda, waona dzinalo ndi ena awiri kapena atatu, ndi chiwerengero cha zonse pamwamba. Basi. M'nkhani imeneyi muli invoisi, muli leja ya kasitomala, muli debiti ndi kirediti, koma palibe limodzi mwa mawu amenewa limene muyenera kulitchula, chifukwa woonera waziona zikuchitika.

Onani kuti ndasankha manambala oti munthu awerengere m'mutu vidiyo ikuyenda. Akaona 2,400 kuchotsa 1,000, mutu wake wanena kale 1,400 foni isanalembe, ndipo foni ikalemba zomwezo amayamba kuikhulupirira. Mukaika K2,387.50 amataya mtima, amangoyang'ana osatsatira. Musasinthenso kasitomala pakati, musasinthe katundu.

Za mabatani, musawabise ndipo musawamasulire pavidiyo. Munthu akaika pulogalamu m'foni mwake adzakumana ndi `Receivables`, ndiye ngati vidiyo inamuonetsa batani lolembedwa zina adzasochera. Mawu a pakamwa anene chinthucho mwachidule, "onse amene ali ndi ndalama zanu", chala chikudina batanilo nthawi yomweyo, litazunguliridwa ndi kamzere kofiira. Khutu limva tanthauzo, diso liloweza malo ndi kaonekedwe ka liwulo. Ambiri amagwiritsa ntchito ndalama za pafoni chonchi, amadziwa pamene amadina ngakhale sanafunsepo tanthauzo la liwu lililonse.

Mai Sakala
Ndilowepo pa nkhani ya mawu, poti ndimawerenga zolengeza ndi malonda a pawailesi. Anthu ambiri amalemba mawu a mphindi imodzi m'Chingerezi, kenako n'kuwamasulira, n'kudabwa kuti nthawi yapitirira. Mawu athu ndi aatali. "Tidzakutumizirani" ndi liwu limodzi papepala koma pakamwa limatenga malo a mawu angapo. Mmene ndimaonera ine, pa mphindi imodzi yolankhula modekha, yokhala ndi mipata yoti chala chidine, musapitirire mawu 80 kapena 90. Ndipo musadalire kuwerenga mawu papepala, werengani mokweza ndi wotchi m'manja.

Ndatenga nkhani ya a Zulu ndaiika motere, muone:

Masekondi 0 mpaka 6. Chithunzi: dzanja likutsegula masamba a kabuku kakale, kofufutidwa. Mawu: "Ndani anatenga katundu wanu osamaliza kulipira? Zonse pamodzi ndi zingati?"

Masekondi 6 mpaka 24. Sikirini ya foni. Mawu: "Amake Mwai atenga zitenje 20, chimodzi K120. Dinani apa. Sankhani dzina, lembani katundu. Zonse K2,400."

Masekondi 24 mpaka 36. Mawu: "Alipira K1,000. Lembani apa. Yatsala K1,400, foni yawerenga yokha."

Masekondi 36 mpaka 45. Mawu: "Lachisanu abweretsa K400. Dinani apa. Yatsala K1,000."

Masekondi 45 mpaka 54. Mawu: "Madzulo tsegulani apa. Onse amene ali ndi ndalama zanu, ndi tsiku limene anatenga."

Masekondi 54 mpaka 60. Dzina la pulogalamu ndi nambala ya foni zitaima, osayenda. Mawu: "Tumizani uthenga pa nambala iyi, tikuonetseni."

Mawuwa ndi ochepa dala. Pamene nambala yatulukira pasikirini, wolankhula akhale chete sekondi imodzi kapena ziwiri. Anthu okonza mavidiyo amaopa mpata wa chete, amaudzaza ndi mawu ena, koma ndi mumpata umenewo mmene woonera amawerengera.

China, ndalama muzitchule mmene zimatchulidwira m'shopu. Palibe amene amati "chikwi chimodzi ndi mazana anayi" ku Kamwala, amati "wani fo". Muzinena choncho, nambala yonse ikhale yolembedwa yaikulu pasikirini.

Tisa M.
Mai Sakala, Mulungu akudalitseni. Ndawerenga mokweza, yakwana ndipo yatsalako nthawi pang'ono. Koma achimwene adzandifunsa kuti nanga sitoko, nanga malipoti, zonse zimene anapanga zija sizikuoneka.

Mai Sakala
Muwauze kuti iyi ndi yoyamba. Yachiwiri idzakhala ya sitoko, ndi zitenje zomwezo 20 zikuchoka pashelefu.

Dalitso
Chabwino ndavomera za kabuku, n'zabwino. Koma mapeto ake ndi ozizira. Pulogalamuyo ikudziwa kuti anaoda K90 n'kugulitsa K120, si choncho? Ndiye pomaliza onetsani lipoti la phindu, nambala yobiriwira ikudumpha, mawu akuti "Lero mwapanga K600 m'thumba!" Munthu amafuna kuona ndalama.

A Zulu
Ayi, Dalitso, apa ndikana ndithu, ndipo ndifotokoze bwino chifukwa apa ndi pamene mavidiyo ambiri ofewetsa zinthu amagwera. Kuchotsa mawu ovuta n'kwabwino, koma liwu lovuta lililonse limakhala likusunga malire enaake, ndipo ukalichotsa mosasamala umachotsa ndi malirewo, n'kutsala ndi chiganizo chosavuta kumva koma chabodza.

Tiyeni tiwerenge. Zitenje 20 pa K90 anazigula K1,800. Wazigulitsa K2,400. Phindu papepala ndi K600, ndipo lipoti likalemba K600 silikunama, chifukwa mabuku amawerenga malonda pa tsiku limene katundu watuluka, osati tsiku limene ndalama zalowa. Koma m'thumba muli chiyani tsiku limenelo? Mwalowa K1,000 yokha, pamene anatulutsa K1,800 pooda. Thumba laperewera K800. Ngakhale Lachisanu K400 itabwera, laperewerabe K400. Phindu la K600 lija lili m'manja mwa Amake Mwai, ndipo lidzakhala lake la mwini shopu pokhapokha K1,000 yotsalayo itabwera yonse. Komanso K600 imeneyo sitinachotsepo lendi, malipiro a mtsikana, ngolo yonyamula katundu, ndi msonkho.

Ndiye vidiyo ikanena kuti "mwapanga K600 m'thumba" yaphunzitsa munthu chinthu chomwecho chimene chimagwetsa mashopu: kuona phindu m'buku n'kuyamba kulidya lisanafike. Ndipo munthu wodziwa malonda akaiona adzazindikira nthawi yomweyo kuti opanga vidiyo sanagulitsepo pangongole.

Amake Chikondi
Zoona zimenezo. Mwezi wa Disembala ndimagulitsa kwambiri, ukayang'ana m'buku umasangalala. Januwale akafika, eni nyumba akufuna lendi, ana akufuna za sukulu, azimayi anga aja nawonso ali ndi ana a sukulu ndiye sabwera kudzalipira. Katundu anapita, buku likuti ndapindula, koma ndalama yoodera ndilibe. Mukandiuza kuti ili m'thumba, ndidzapisamo dzanja.

Dalitso
Ndamva. Nanga tikangoti "phindu lanu ndi K600" osatchula thumba?

A Zulu
Kumeneko si kunama, koma m'vidiyo iyi ndingakusiyebe. Woonera wakhala akutsatira funso limodzi, ndani ali ndi ndalama zanga. Mukamuponyera nambala yachilendo pa sekondi ya 50, amene sanaone K90 paliponse, adzafunsa kuti 600 yachokera kuti, ndipo vidiyo idzatha asanayankhidwe. Kusiyana kwa phindu ndi ndalama za m'manja ndi vidiyo payokha, mwina yofunika kuposa zonse, ndipo manambala ake ndi omwewa.

Tisa, pali chiganizo china chimene ndikufuna tichiyese. Kasitomala akalipira pa Airtel Money kapena pa MTN, pulogalamuyo imaona yokha, kapena munthu amalemba ndi dzanja?

Tisa M.
Ndafunsa. Pakadali pano umalemba wekha. Akuti kulumikiza kuli m'mapulani.

A Zulu
Ndiye liwu lija la rikonsiliyeshoni lisaloŵe, komanso musalisinthe n'kunena kuti "ndalama zikalowa pafoni zimalembedwa zokha". M'mawu a Mai Sakala muli "Lembani apa", ndiye zili bwino, ndipo "foni yawerenga yokha" ikunena za kuchotsera kokha, zimene n'zoona. Njira yanga yoyesera ndi iyi: tengani chiganizo chilichonse, mufunse kuti munthu akachikhulupirira ndendende mmene chanenedwera, adzachita chiyani mawa? Ngati adzasiya kulemba poganiza kuti foni ikumulembera, chiganizocho chamupweteka.

Ndipo apa funso la a Tembo libwerere. Musaike chizindikiro cha ZRA kapena mawu akuti "imakukonzerani za msonkho" ngati pulogalamuyo sinalumikizidwe ndi kuvomerezedwa pa Smart Invoice. Kapepala kamene pulogalamu yanu imatulutsa kangakhale kabwino pokumbutsa kasitomala, koma kwa wolembetsa VAT, amene amaika 16 peresenti pamalonda ake, invoisi ya msonkho ili ndi njira yake. Mashopu ang'onoang'ono ambiri sali pa VAT, amalipira msonkho wowerengera pa malonda onse a mwezi, ndiye nkhani ya msonkho imasiyana munthu ndi munthu. Siingakwane m'masekondi asanu. Isiyeni, muziyankha munthu akatumiza uthenga.

A Tembo a ku Matero
Ndi zimene ndimafuna kumva. Ine ndinaonapo wina akulonjeza kuti pulogalamu yake imamaliza zonse za msonkho, anthu anagula, pambuyo pake anapeza kuti ayenera kulembanso kawiri.

Chimwemwe P.
Pepani kulowerera. Ine ndili ndi saluni ku Chilenje, sindigulitsa pangongole kwenikweni. Vuto langa ndi atsikana atatu amene amalandira gawo pa mutu uliwonse umene aluka, ndipo Loweruka timakangana powerengera. Vidiyo ya zitenjeyo ndikanaiona ndikanati si yanga.

Mai Sakala
N'zoona, si yanu, ndipo n'chifukwa chake imugwira wa ku Kamwala. Vidiyo yoyesa kulankhula kwa wa saluni, wa hadiweya ndi wa zitenje nthawi imodzi imabwerera ku "bizinesi yanu ikula". Ngati pulogalamuyo imatha kuwerengera magawo a antchito, yanu ijambulidwe payokha, m'saluni.

Tisa M.
A Chimwemwe, zimenezo sinayambe kuchita. Ndiwauza achimwene.

Dalitso
Poti mawu mwagwirizana, ndinene za kajambulidwe, kumene ndimadziwa. Yambani ndi kujambula mawu, zithunzi zibwere pambuyo kutsatira mawuwo. Mukayamba ndi zithunzi wolankhula amathamanga kuti akwane. Foni yomweyo ikwana, ikhale pafupi ndi pakamwa ngati chikhatho chimodzi, m'chipinda chokhala ndi makatani ndi zovala kuti mawu asabwerere. M'shopu musajambuliremo mawu, muli phokoso la majenereta ndi mahutala a mabasi. M'shopu mujambulemo kabuku ndi dzanja basi.

Sikirini muijambule foni itaimirira, 9:16, chifukwa idzaoneredwa pa sitetasi. Yatsani `Do Not Disturb` kuti uthenga wa munthu usatulukire pamwamba. Pa Android, mu `Developer options` muli `Show taps`, imaonetsa kadontho pamene chala chakhudza, apo ayi woonera amangoona sikirini ikusintha osadziwa kuti mwadina pati. Pokonza, kokerani chithunzi pafupi pa kabokosi kamene mukulembamo. Sikirini yonse ya pulogalamu ikalowa m'vidiyo n'kupanikizidwa ndi WhatsApp, manambala ang'onoang'ono amafufutika, makamaka pafoni yotchipa yosweka galasi.

Ndipo ikhale yopepuka, anthu amasunga bando. Vidiyo yoyenda pa megabiti imodzi pa sekondi, kwa masekondi 60, ndi mamegabiti 60, mukagawa ndi 8 ndi mamegabaiti 7.5. Ya sikirini ingatsike kuposa apo chifukwa zambiri zimakhala zitaima. Ngati muli ndi kompyuta yokhala ndi pulogalamu ya ffmpeg, ipepukitseni motere:

```
ffmpeg -i vidiyo.mp4 -vf scale=720:-2 -c:v libx264 -crf 28 -c:a aac -b:a 64k yopepuka.mp4
```

Nambala ya `-crf` ikakwera fayilo imachepa koma chithunzi chimaipa. Mukaona kuti 1,400 yayamba kuoneka ngati utsi, itsitseni ifike 24. Muitumize kaye kufoni ina kudzera pa WhatsApp, muionere kumeneko, osati pa kompyuta yanu.

Koma kanyimbo ndikuumirirabe. Popanda kanyimbo imamveka ngati chilengezo cha maliro.

Mai Sakala
Kakhalepo poyambira ndi pomaliza, pakati katsike kwambiri. Pa sipika ya foni nyimbo ndi mawu zimalimbana, ndipo choyamba kutayika ndi manambala. Muikenso mawu olembedwa pansi, chifukwa wina adzaionera m'minibasi atatseka mawu. Mizere iwiri yokha pa nthawi, isaphimbe batani.

A Zulu
Chimodzi pa kajambulidwe: musajambule kuchokera mu akaunti ya azakhali anu. Tsegulani akaunti yoyeserera, mayina onse akhale opeka, manambala a foni asaoneke. Kuonetsa dzina la munthu weniweni ndi ngongole yake pa sitetasi ndi kumuchititsa manyazi, ndipo Zambia ili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2021. Kabuku kakale kaja nakonso mulembe kanu, musatenge ka m'shopu.

Amake Chikondi
Ine ndili ndi funso limene simunaliyankhe nonse. Foni ikabedwa? Ku tauni kuno mafoni amapita. Kabuku kanga palibe amakafuna, koma foni aliyense akuifuna. Mayina onse ndi ngongole zonse zikapita nayo, ndatha. Komanso bando ikatha, kapena malaiti akapita netiweki n'kuvuta, ndingalembebe? Musanandiyankhe zimenezi sindingaike, vidiyo ikongole bwanji.

Tisa M.
Amai, akuti imalemba ngakhale popanda bando, ndipo intaneti ikabwera imatumiza zonse kukasungidwa. Mukagula foni ina mumalowa ndi nambala yanu, zonse zimabwerera. Zimene zingatayike ndi zokhazo zimene munalemba foni isanapeze intaneti.

Amake Chikondi
Ndiye zimenezo muziike m'vidiyomo. Kwa ine n'zazikulu kuposa Lachisanu lija.

A Zulu
Apa ndikukayika, amai. Mukaikamo, vidiyo yakhala ndi nkhani ziwiri. Ndipo chiganizo chachifupi chakuti "foni ikatayika zonse zilipo" chili ndi vuto lomwe lija la K600, chifukwa Tisa wanena kuti za tsiku limene munalibe bando zingapite. Kuti chikhale choona chiyenera kutalika. Ine ndikanaipangira vidiyo yakeyake, yoonetsa foni yachiwiri ikutsegulidwa ndi mayina akubwerera.

Amake Chikondi
Nanga ndidzaiona yachiwiriyo? Ndikaona yoyamba n'kunena mumtima kuti "foni ikabedwa", ndatseka, sindibweranso. Inu a Zulu mumasunga mabuku mu ofesi yokhoma. Ife foni imakhala pa kauntala.

Mai Sakala
Amai akunena zomveka. Malo alipo ngati tichotsa gawo la Lachisanu, masekondi asanu ndi anayi. Tingati, "Foni ikatayika, zonse zimene zinafika pa intaneti mudzazipeza m'foni yatsopano." N'choona ndipo chikwana.

A Zulu
Koma gawo la Lachisanu ndilo likuonetsa kulipira pang'onopang'ono, pamene kabuku kamasokonezera. Ndi vuto lomwe Amake Chikondi anayamba nalo, la "ndinapereka kale kwa mtsikana". Ndingalole vidiyo ifike masekondi 70 kusiyana n'kulichotsa.

Dalitso
Ikatalika, pa sitetasi ingadulidwe pawiri kutengera WhatsApp imene munthu ali nayo, ndipo chidutswa chachiwiri anthu sachionera. Ndibwino isapitirire 60.

Tisa M.
Ndiye ndichite bwanji? Nonse mukumveka olondola.

A Zulu
Konzani ziwiri, ina ya Lachisanu, ina ya foni yotayika, poti zina zonse n'zofanana. Kenako muziyese pa anthu enieni, osati achimwene anu kapena ife. Pitani kwa ogulitsa angapo amene sanamvepo za pulogalamuyi, aliyense aone imodzi, kamodzi kokha, pafoni, m'phokoso la m'shopu mwake. Musawafunse kuti "mwamva?" kapena "yakoma?", chifukwa mwaulemu adzati inde. Afunseni kuti, "Mnzanu wa shopu yapafupi akakufunsani kuti chimenechi n'chiyani, mumuuza chiyani?" Akati n'cholembera amene ali ndi ngongole, yagwira. Akati n'chokongoza ndalama, ndipo zimenezi zingachitike chifukwa mapulogalamu okongoza ndalama pafoni ndi ambiri ndipo anthu anawazolowera, ndiye masekondi oyamba akufunika kukonzedwa. Kenako apatseni foni yokhala ndi akaunti yoyeserera, muwauze kuti wina watenga zitenje 10 walipira theka, alembe. Inu mukhale chete, muone pamene chala chaima. Pamene chaimapo ndi pamene vidiyo inathamanga, kapena pamene batanilo likufunika kusinthidwa ndi opanga.

Mukaiika pa Facebook kapena TikTok, mumakhala kachithunzi ka mzere koonetsa sekondi imene anthu ambiri anachokera. Kamakuuzani malo, koma chifukwa chake mudzachimva kwa anthu a m'shopu aja.

A Tembo a ku Matero
Ndipo Chinyanja chake chiti? Mawu a Mai Sakala ndi Chichewa chabwino cha ku Katete, koma ku Kamwala kuli a Chibemba, a Chitonga, ndi ana obadwira m'tauni amene amati "nkongole" ndi "manje".

Mai Sakala
Ndinayesa kusankha mawu amene onse amawamva, koma wowerenga akhale munthu wa mumsika momwemo, anene mmene amanenera, bola asasinthe manambala ndi tanthauzo. Ine mawu anga amamveka a pawailesi, anthu adzadziwa kuti ndi malonda.

A Tembo a ku Matero
Ine ndikadakonda Chichewa chenicheni, chimapatsa ulemu. Nkhani ya ndalama si ya chibwana.

Amake Chikondi
Ulemu ulipo ndithu m'kalankhulidwe kathu ka m'tauni, atate. Tisa, ngati mukufuna wowerenga, mtsikana wanga ali ndi mawu omveka bwino ndipo amadziwa kutchula mitengo. Bwerani Lachiwiri m'mawa katundu asanafike, mubwere ndi mavidiyo onse awiri, ndidzakuitanirani azimayi a m'mashopu oyandikana nane muwayese. Koma ndidzaonere kaye ya foni yotayikayo.

Tisa M.
Ndidzabwera, amai, zikomo kwambiri. Dalitso, ndikutumizira mawu usiku uno kuti uone ngati kuzunguliza mabatani kutheka pa foni kapena pafunika kompyuta. A Zulu, ndikamaliza kulemba ya phindu ndi ndalama za m'manja ndingakutumizireni muione ndisanajambule?

A Zulu
Tumizani. Muikemo lendi ya mweziwo, kuti K600 ija ioneke pamene ikuthera.